Apu ya sukulu: Firebase kapena seva yanuyanu?

Apu ya m'foni imafuna malo kwina osungirako mayina a anthu ndi mauthenga awo. Akatswiri amati bakendi. Mutha kubwereka seva n'kumaisamala nokha, kapena kusiyira zonse kampani ngati Google, mwini Firebase kuyambira 2014.

Tiyerekeze sukulu yomwe ikufuna apu yotumizira zidziwitso kwa makolo 300. Firebase imakopa chifukwa zambiri n'zopangiratu: kulowetsa anthu ndi imelo, databezi ya Firestore, ndiponso kusunga zidziwitso m'foni kuti kholo liziwerengabe netiweki ikathawa. Pulani yaulere, Spark, imalola kuwerenga zolembedwa 50,000 ndi kulemba 20,000 patsiku.

Msampha uli pa kawerengedweko. Firestore imawerengera chidziwitso chilichonse pachokha, osati kutsegula kwa apu. Ngati apu ikoka zidziwitso zonse 100 kholo likangoitsegula, ndipo kholo lililonse liitsegula kawiri patsiku, ndiye kuti 300 × 2 × 100, zomwe ndi 60,000. Malire apyoledwa kale. Apu imayamba kubweza uthenga wa RESOURCE_EXHAUSTED mpaka pakati pa usiku wa ku California, kuno ili 9 kapena 10 koloko m'mawa, makolo atadandaula kale. Mankhwala ake ndi kukoka zidziwitso zatsopano 20 zokha:

```
query(collection(db, "zidziwitso"), orderBy("tsiku", "desc"), limit(20))
```

Apa chiwerengero chatsika kufika 12,000, ndipo sukulu silipira kalikonse. Mukasamukira ku pulani yolipira, Blaze, apu siima, koma chenjezo la bajeti limangokutumizirani uthenga, silitseka mpopi. Apu yolembedwa mosasamala imadya ndalama mwini ali mtulo.

Seva yanuyanu ilibe masamu amenewa. Kaseva kakang'ono ka ku DigitalOcean kapena Hetzner kamalipiridwa madola ochepa pamwezi, mtengo wodziwikiratu, ndipo makolo 300 sangakatopetse. Chimene kamafuna ndi munthu. Wina ayenera kuika zigamba zachitetezo, kusunga kope la databezi pamalo ena, n'kumayesa ngati kopelo likubwezeretseka. Satifiketi ya Let's Encrypt, yomwe mwachizolowezi imatha pa masiku 90, iyenera kumadzikonzanso yokha. Ikalephera, mafoni amakana kulumikiza ngakhale seva ili bwinobwino. Ndiye pali nkhani ya ndalama zakunja: ku Malawi khadi la kubanki likakanika kulipira mwezi wina, seva ikhoza kuzimitsidwa.

Kwa sukulu yopanda katswiri wokhazikika, ine ndingasankhe Firebase, bola malamulo oteteza databezi alembedwe bwino kuti kholo lisaone za mwana wa mnzake. Koma apu ikakhala ya fizi, yofuna malipoti a amene walipira ndi amene ali ndi ngongole, databezi ya matebulo ngati PostgreSQL imaposa. Kopani zolembedwa zanu pafupipafupi kulikonse kumene muli: Facebook inatseka Parse, ntchito yofanana ndi Firebase, mu 2017, ndipo eni mapu anapatsidwa chaka chimodzi kuti asamuke.