Kutsika kwa Mtengo wa Chigayo ndi Msonkho wa Zaka Zitatu Zoyamba

Munthu akagula chigayo cha K10 miliyoni, ndalamazo zimachoka m'thumba tsiku limodzi, koma m'mabuku a bizinesi sizilembedwa zonse ngati zowonongedwa m'chaka chimenecho. Chigayocho chidzagwira ntchito zaka zingapo, chikumaperepeseka pang'onopang'ono, choncho mtengo wake umagawidwa m'zaka zimenezo. Gawo la chaka chilichonse limachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, ndipo akatswiri owerengera ndalama amalitcha kutsika kwa mtengo wa katundu. Pali njira ziwiri zodziwika zogawira mtengowo. Kusiyana kwake kumaoneka kwambiri m'zaka zitatu zoyamba, zomwenso ndi zaka zimene eni mabizinesi ambiri amakhala akubweza ngongole imene anagulira makinawo.

Chitsanzo chikhale cha kampani yaing'ono yongoyerekeza, imene yaika chigayo chotere pamalo ena ochitira malonda. Ikalipira magetsi, antchito, ziphaso ndi zokonzetsera, imatsala ndi K6 miliyoni chaka chilichonse. Msonkho wa makampani olembetsedwa m'dziko muno ndi 30 peresenti ya phindu, ndipo ndi umene ugwiritsidwe ntchito pano.

Njira yoyamba ndi yochotsa mofanana. Mwini amaganizira zaka zimene chigayo chidzatumikire, n'kugawa mtengo wake ndi zakazo. Ngati zili zisanu, ndipo palibe chimene akuyembekeza kudzapeza pochigulitsa pamapeto, amachotsa K2 miliyoni chaka chilichonse. Phindu lokhomera msonkho limakhala K4 miliyoni, ndipo msonkho ndi K1,200,000. Chaka chachiwiri ndi chachitatu ziwerengero sizisintha, moti pa zaka zitatu kampani imapereka K3,600,000.

Njira yachiwiri ndi yochotsa pa mtengo wotsala, ndipo imafuna kuitsata modekha. Pano mwini sagawa ndi zaka. Amatenga peresenti imodzi n'kumaiwerengera pa mtengo umene watsala m'mabuku, osati pa mtengo wogulira. Pa chitsanzochi peresentiyo ikhale 40. Chaka choyamba amachotsa K4 miliyoni, ndipo chigayo chimatsala ndi mtengo wa K6 miliyoni. Phindu lokhomera msonkho limangokhala K2 miliyoni, msonkho n'kukhala K600,000, theka chabe la umene njira yoyamba ikadafuna.

Chaka chachiwiri 40 peresenti ija imawerengedwa pa K6 miliyoni yotsala, ndiye imabala K2,400,000. Phindu limakwera kufika pa K3,600,000, msonkho n'kukhala K1,080,000. Ukadali wocheperapo, koma mpata wachepa kwambiri. Chaka chachitatu chigayo chimakhala chitatsala ndi mtengo wa K3,600,000, ndipo chochotsa chimangokhala K1,440,000. Apa zinthu zimatembenuka: phindu lokhomera msonkho lafika pa K4,560,000, ndipo msonkho wa K1,368,000 waposa wa njira yochotsa mofanana.

Pophatikiza zaka zitatuzi, njira yachiwiri yapereka msonkho wa K3,048,000, kutanthauza kuti K552,000 yatsala m'manja mwa kampani. Ndalamayi sinakhululukidwe ayi, yangochedwetsedwa. Mtengo wa chigayo ndi womwewo wa K10 miliyoni, ndipo palibe njira imene ingachotse zoposa pamenepo. Kampani yochotsa mofanana ikadali ndi K4 miliyoni yoti idzachotse m'zaka zikubwerazo, pomwe inzake yatsala ndi K2,160,000 yokha, ndipo idzaichotsa pang'onopang'ono. Ngakhale zili choncho, kuchedwetsako si kwachabe. Kwacha ya lero imagula zambiri kuposa kwacha ya zaka zitatu zikubwerazo, monga anaonera aliyense amene ankagula zipangizo zochokera kunja ndalamayi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yotsala m'chaka choyamba ikhozanso kuchepetsa ngongole ya kubanki chiwongoladzanja chisanachuluke.

Vuto limagwera mwini amene waiwala kuti chochotsa chikuchepa chaka ndi chaka. Makasitomala ndi omwewo, matumba a chimanga ogayidwa ndi omwewo, koma msonkho wachoka pa K600,000 kufika pa K1,368,000 m'zaka ziwiri zokha. Amene anatenga msonkho wa chaka choyamba ngati muyezo, n'kulowetsa ndalama zonse zotsala m'kumanga sitolo kapena kugula feteleza, amadzidzimuka m'chaka chachitatu, ndipo ena amayamba kukayikira wowalembera mabuku pamene iye sanalakwitse kanthu. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ngati zogulitsa ndi zowononga sizinasinthe koma phindu lokhomera msonkho likukwera, mzere woyamba kuuyang'ana ndi wa kutsika kwa mtengo.

Palinso chikhulupiriro chofala chakuti njira yochotsa pa mtengo wotsala nthawi zonse imachepetsa msonkho poyamba. Si zoona. Imatero pokhapokha peresenti yake ikakhala yaikulu kuposa ya njira inayo. Kuchotsa mofanana pa zaka zisanu n'chimodzimodzi ndi 20 peresenti ya mtengo wogulira. Kampani ija ikadagwiritsa ntchito 20 peresenti yomweyo pa mtengo wotsala, ikadachotsa K2 miliyoni chaka choyamba, K1,600,000 chachiwiri ndi K1,280,000 chachitatu. Chaka choyamba njira ziwirizi zikadafanana, koma kuyambira chachiwiri msonkho ukadakhala wokulirapo. Choncho pofunsa kuti katundu akuwerengedwa m'njira iti, ndi bwino kufunsanso kuti peresenti yake ndi ingati.

Mfundo imene imasokoneza ambiri ndi yakuti njira yolembera m'mabuku a bizinesi ndi imene bungwe lotolera msonkho la MRA limatsata sizikhala zofanana. Mwini ali ndi ufulu wosankha njira yoyenera katundu wake m'mabuku ake. Yochotsa mofanana imayenera zinthu zokalamba mwapang'onopang'ono monga mashelefu ndi mipando, pomwe inayo imayenera galimoto kapena njinga yamoto, imene mtengo wake umagwa kwambiri ikangoyamba kuyenda pamsewu. Koma powerengera msonkho, kutsika kwa mtengo kolembedwa m'mabuku kumabwezeredwa pa phindu, ndipo m'malo mwake mumalowa zochotsera zimene lamulo la msonkho limalola pa mtundu uliwonse wa katundu. Zochotsera za chaka ndi chaka za makina ndi magalimoto zimawerengedwa pa mtengo wotsala, ndipo katundu wina amaloledwanso chochotsera chapadera m'chaka chimene wagulidwa. Motero 40 peresenti ya m'nkhani ino ndi ya chitsanzo chabe. Peresenti yeniyeni ya chigayo, thirakitala kapena kompyuta imaikidwa ndi lamulo, ndipo mwini ayenera kuifunsa ku ofesi ya MRA asanadzaze fomu. Kusintha njira m'mabuku kokha sikusintha msonkho ndi tambala imodzi.

Nkhani yotsala ndi ya kugulitsa. Kampani ija ikagulitsa chigayo pa K5 miliyoni kumapeto kwa chaka chachitatu, mtengo wogulitsira umayerekezedwa ndi mtengo wotsala. Amene anachotsa mofanana amakhala wapindula K1 miliyoni, pomwe amene anachotsa 40 peresenti amakhala wapindula K2,840,000, ndipo phindulo limakhomeredwa msonkho. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi ndi K1,840,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K552,000 yomwe ija. Kuti zonsezi zitheke kuwerengedwa, lisiti yogulira chigayo, tsiku limene chinayamba kugwira ntchito ndi mtengo wotsala wa chaka chilichonse ziyenera kusungidwa pamodzi kuyambira tsiku loyamba.