Mtengo wagwa pa Likangala: mau ofanana ndi kusiyana kwake

Mtsinje wa Likangala umachokera m'phiri la Zomba, nudutsa m'tauni, nupitirira kuchigwa kumene alimi amalima mpunga, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Tsono muulutsi wa pa wailesi atalandira kapepala kolembedwa kuti "Mtengo wagwa pa Likangala", ayenera kuyamba waima asanatsegule pakamwa. Akakweza liu pa phatikizo la pakati, oyendetsa galimoto adzamva kuti chimtengo chatseka mseu pafupi ndi mlatho. Akatchula mau onsewo ndi liu lotsika, alimi adzamva kuti mpunga wao watsika pamsika. Malembo ndi omwewo, koma nkhani ndi ziwiri, ndipo imodzi mwa izo ikhala yabodza.

Akatswiri a ziyankhulo ali ndi maina anai a mau ofanana motere: homofoni, homogirafu, homonimu ndi polisemi. Onsewa ngochokera ku Chigiriki, ndipo ophunzira ambiri amawasokoneza. Komatu kuwasiyanitsa sikovuta munthu akafunsa mafunso atatu motsatana. Loyamba ndi la khutu: kodi mauwa akumveka chimodzimodzi? Lachiwiri ndi la diso: kodi akulembedwa chimodzimodzi? Lachitatu ndi la mzu: kodi matanthauzo ake ali pa chibale, kapena angokumana panjira?

Mtengo wa pa Likangala uja ndi chitsanzo cha homogirafu, kutanthauza mau ofanana m'malembedwe koma osiyana m'matchulidwe ndi m'tanthauzo. Diso limati ndi amodzi, khutu limakana. Chichewa chili nawo mau otere chifukwa kukwera ndi kutsika kwa liu kumasintha tanthauzo, pamene kalembedwe ka masiku onse sikaonetsa kukwerako. Bungwe loona za Chichewa, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'chaka cha 1973, ndipo zizindikiro za kamvekedwe sizidalowe m'mabuku a sukulu kapena m'nyuzipepala. Akatswiri okha ndiwo amaika kachizindikiro pamwamba pa lembo, nalemba mténgo pofuna kunena wa masamba, ndi mtengo pofuna kunena wa malonda.

Mau akuti ndiwo ali m'gulu lomweli. Mai akanena kuti "Anawa ndiwo adya ndiwo", palibe mwana amene angasokonezeke, pakuti pa ndiwo zodyera nsima liu limakwera poyamba, pamene pa ndiwo woloza anthu silitero. Vuto limakula kwambiri pa aneni. Chiganizo chakuti "Amalima mpunga" chingathe kunena za mlimi amene amalima chaka ndi chaka, kapena za amene ankalima nthawi yapitayo, malinga ndi pamene liu lakwera. Wowerenga pa wailesi akaphonya pamenepo, angathe kuutsa munthu amene adaleka kale ulimi, kapena kupumitsa amene akadali m'munda. Nchifukwa chake wowerenga wanzeru amayamba wadutsamo m'ndime yonse chamumtima, nalemba kamzere pamwamba pa phatikizo loyenera kukwezedwa.

Homofoni ndi mau otembenuza zimenezi: khutu limati ndi amodzi, diso limakana. Amamveka mofanana koma amalembedwa mosiyana. Chingerezi chili nawo ochuluka, chifukwa matchulidwe ake adasintha m'kupita kwa zaka pamene malembedwe adatsalira m'mbuyo. Mau a Chingerezi otanthauza dzuwa ndi otanthauza mwana wamwamuna amamveka chimodzimodzi. Moteronso otanthauza nyanja ndi otanthauza kuona. Mwana wa sukulu amalakwa mau otere pa sipelo ngakhale atamva bwino lomwe.

M'Chichewa mahomofoni ndi osowa, popeza chimalembedwa pafupifupi monga momwe chimayankhulidwira. Ochepa amene alipo amabadwa kawirikawiri chifukwa cha nkhodolero, kachizindikiro kaja koonetsa kuti lembo lina lachotsedwa. Msodzi wa pa doko la Kachulu akati madzi alowa m'chombo, ndiye kuti alowa mu chombo. Koma mchombo wopanda nkhodolero ndi wa pamimba. M'mau onse awiri m amatchulidwa payekha ngati phatikizo, kotero kuti womvera amadalira mau oyandikana nawo kuti adziwe chimene chikunenedwa.

Apa pali msampha. Sikuti mau onse osiyana ndi nkhodolero yokha ndi mahomofoni ayi. M'phiri ndi mphiri amaoneka ngati mapasa papepala, koma pakamwa ngosiyana: pa m'phiri munthu amayamba wang'ung'udza m payekha, pamene pa mphiri, njoka ija, m amamatirira ku lembo lotsatira. Chimodzimodzinso m'bale ndi mbale. Mau otere si mahomofoni pakuti samveka mofanana, ndipo si mahomogirafu pakuti salembedwa mofanana. Amasanduka mahomogirafu pokhapokha wolemba akaiwala nkhodolero, ndipo pamenepo kalata yoitana m'bale ku ukwati imaitana mbale.

Mau akagwirizana pa khutu ndi pa diso pomwe, funso lachitatu lija ndilo limagamula mlandu. Ngati matanthauzo ake alibe chibale, mauwo ndi mahomonimu: mau awiri osiyana amene angovala malaya amodzi. Ngati matanthauzowo adaphuka pa tsinde limodzi, imeneyo ndi polisemi: liu limodzi lokhala ndi matanthauzo angapo.

Chitsanzo cha homonimu chili m'chigwa cha Likangala momwemo. Mvula ikagwa, mlimi amanka kukadzala mpunga, ndipo ngalande zimayamba kudzala ndi madzi. Kudzala mbeu ndi kudzala kwa madzi kumalembedwa mofanana ndipo kumamveka mofanana, koma pali maumboni atatu osonyeza kuti ndi aneni awiri. Woyamba ngwakuti kudzala mbeu kuli ndi matchulidwe ena, akuti kubzala, pamene palibe munthu amene amati mtsuko wabzala ndi madzi. Wachiwiri ngwakuti kudzala mbeu kumafuna chinthu chochitiridwa ntchitoyo, monga mpunga kapena chimanga, pamene chodzala ndi madzi chimangodzala chokha. Munthu wothira madzi mumtsuko amati akuudzaza. Wachitatu ukuchokera kwa anansi: m'Chishona, chiyankhulo chachibale, kubzala amati kudyara ndipo kudzala kwa madzi amati kuzara. Aneni awiriwa adali osiyana kuyambira kale, ndipo adangofanana m'Chichewa pamene bz adasanduka dz pakamwa pa anthu ambiri.

Umboni wa anansiwu umathandizanso pa mtengo. Ashona amati muti ponena wa masamba, ndi mutengo ponena wa malonda, ndipo kutenga kwa iwo ndiko kugula. Motero mtengo wa pamsika suchokera ku nkhalango konse.

Polisemi ndiyo yochuluka kuposa zonse, chifukwa ndi njira imene chiyankhulo chimakulira popanda kupanga mau atsopano. Mwezi wa kuthambo ndi mwezi wa pa kalendala ndi liu limodzi, pakuti makolo ankawerenga nthawi poyang'ana kuoneka ndi kufa kwa mwezi. Tsamba la mtengo lidabwereketsa dzina lake ku tsamba la buku. Kumanga kudayamba ndi luzi: womanga mtolo wa nkhuni, womanga nyumba ya mitengo ndi womanga wakuba onse ankagwira chingwe, ndipo dzinalo lidakhalabe ngakhale pamene njerwa ndi unyolo zidalowa m'malo mwa luzi. Kwacha ndi tambala, mau a m'bandakucha, adasanduka maina a ndalama za Malawi m'chaka cha 1971.

Mzinda wa Zomba uli ndi chitsanzo chake chake. Liu lakuti boma poyamba linkatanthauza linga kapena mpanda wotchinjiriza malo. Popeza akuluakulu a atsamunda ankakhala m'malo otchingidwa otero, dzinalo lidapita ku maofesi ao, kenaka ku tauni yozungulira maofesiwo, kenaka ku dera lonse lolamulidwa kuchokera pamenepo, ndipo potsiriza ku ulamuliro weniweniwo. Nchifukwa chake munthu angathe kunena kuti boma lidasamuka ku Zomba kunka ku Lilongwe m'chaka cha 1975, chikhalirecho boma la Zomba lidatsala pomwepo. Chiganizocho sichidzitsutsa, chikungoponda nthambi ziwiri za mtengo umodzi. Chizindikiro cha polisemi ndi chimenechi: munthu angathe kulondola mapazi kuchokera pa tanthauzo lina kufika pa linzake popanda kulumpha.

Kusiyanitsa homonimu ndi polisemi si masewera a m'kalasi chabe. Wolemba buku lotanthauzira mau, monga akatswiri a ziyankhulo a ku Zomba amene adakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, amayenera kugamula pa liu lililonse. Mwambo wa mabuku otere ngwakuti mahomonimu amapatsidwa mitu yaoyao, pamene matanthauzo a polisemi amandandalikidwa ndi manambala pansi pa mutu umodzi. Kudzala kuyenera kulowa kawiri, boma kamodzi. Womasulira nayenso amapindula: akadziwa kuti kumva ndi liu limodzi lotambasuka, amayembekeza kuti kumva phokoso, kumva kuwawa, kumva Chiyao ndi kumva makolo kudzafuna mau anai osiyana m'chiyankhulo china.

Malire ake sakhala oongoka nthawi zonse. Nthambi zikatalikirana kwa zaka zambiri, anthu amaiwala kuti zidachokera pa tsinde limodzi. Ochepa okha ndiwo amaganiza za mpanda akamva za boma, kapena za utomoni wa mpira akamaonera mpira pa bwalo la zamasewera. Matchulidwe nawo amasiyana malinga ndi dera, kotero kuti mau amene ali homonimu kwa munthu wonena kudzala si homonimu kwa wonena kubzala. Ndiponso mabuku ena amagwiritsa ntchito dzina lakuti homonimu ngati dengu lalikulu losungiramo mahomofoni ndi mahomogirafu pamodzi. Wophunzira ayenera kuona m'mene buku lake lafotokozera dzinali asanayankhe mayeso.

Tsono kapepala kaja kakafika m'manja mwa muulutsi, mafunso atatu aja amamuuza kuti vutoli ndi la diso lokha, ndipo pakamwa pangathe kulithetsa. Koma ngati sakudziwa chimene wolemba ankafuna kunena, asayerekeze kulota. Abweze kapepalako kwa mkonzi kuti aonjezepo liu limodzi: mtengo wa mpunga, kapena mtengo wa bulugama.