Kalata Yopempha Kupanga Kathanki ka Bayogasi Pakoleji

Wophunzira amene akufuna kupanga kathanki kotulutsa bayogasi ku ndowe amayamba walembera mphunzitsi wake kalata yopempha chilolezo, ndiponso kuti azimuyang'anira. Mphunzitsi amafunamo zinthu zitatu: pamene ntchitoyo idzalekezere, zipangizo zake, ndi nthawi imene idzatenge.

Pa malire a ntchito, kalata yabwino imatchula funso limodzi lokha, monga lakuti ndowe za ng'ombe zolemera makilogalamu 7.5 zingatulutse gasi wochuluka bwanji m'masiku 40. Tizilombo tosaoneka ndi maso timaoletsa ndowe pamalo opanda mpweya, n'kutulutsa gasi amene magawo 50 mpaka 70 mwa 100 ndi metheni, yemwe amayaka. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi imapereka malita pafupifupi 40 zonse zikayenda bwino, choncho kathankika sikangapitirire kwenikweni malita 300. Gasi ameneyu sangaphikire banja, ndipo wolemba amanena poyera kuti cholinga n'kuyeza basi.

Zipangizo zimalembedwa chimodzichimodzi pamodzi ndi mitengo yake: chigubu cha malita 20 chotsekeka bwino, kapaipi kapulasitiki, valavu, guluu womatira, chubu ya tayala yosungiramo gasi, botolo lamadzi lozondotsa loyezera kuchuluka kwake, ndi choyezera kutentha. Ndowezo amazisungunula m'malita 7.5 a madzi mpaka zikhale ngati phala, ndipo chigubucho sachidzaza, kuti pamwamba patsale malo a gasi.

Nthawi imagawidwa m'masabata. Awiri oyamba ndi ogula zinthu, kulumikiza ndi kufufuza pothawira mpweya: amapaka madzi a sopo polumikizira paliponse, ndipo pochita thovu ndiye podontha. Sabata lachitatu ndi lothira ndowe. Kuchokera pamenepo, kwa masiku 40, wophunzira amalemba tsiku ndi tsiku kutentha ndi malita a gasi, kenako masabata awiri omaliza amalemba lipoti. Tizilomboti timagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 35, motero ntchito ikagwera m'chisanu cha Juni ndi Julaye, kalatayo iwonjezerepo masiku ndi kufotokoza mmene chigubu chidzafunditsidwire. Gasi wa masiku oyamba kawirikawiri sayaka chifukwa amakhala wosakanikirana ndi mpweya umene unatsekeredwa m'chigubu, ndipo amatayidwa. Akasiya kutuluka msanga ndowe n'kumanunkha chowawasa, ndiye kuti asidi wachuluka.

Ndime yomaliza imafotokoza chifukwa chofunira woyang'anira. Metheni amaphulika akakhala magawo 5 mpaka 15 mwa 100 a mpweya n'kukumana ndi moto, ndipo fungo la mazira oola limasonyeza gasi wapoizoni. Choncho wophunzira amalonjeza kuti kathankika kadzakhala panja, kuti gasi azidzatulutsidwa chubu isanakhute, ndi kuti sadzayesa kuyatsa mphunzitsi palibe. Amatchulanso tsiku la m'sabata limene azidzaonetsa zimene walemba, n'kusainira.