Musanatchule lamulo, fufuzani ngati likugwirabe ntchito

Munthu amene akulemba kalata yodandaula, nkhani ya m'nyuzipepala kapena chikalata chokapereka kukhoti amalimba mtima akapeza gawo la lamulo logwirizana ndi maganizo ake. Koma lamulo si mwala wokhala pamodzimodzi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo amalisintha, amalichotsa, mwinanso kuikapo lina, pamene buku lakale likadali pashelefu ndipo chikalata chakale chikuzungulirabe m'mafoni. Wotchula gawo lomwe linatha ntchito amachita manyazi, ndipo nkhani yake ikhoza kugwa ngakhale ili yomveka.

Poyambira ndi mabuku a Laws of Malawi, momwe malamulo anasonkhanitsidwa pamodzi ndi zosintha zake, lililonse ndi nambala yake ya mutu. Ambiri mwa malamulowa amapezekanso pa tsamba la MalawiLII. Musanawerenge gawo lililonse, yang'anani tsiku lomwe kusonkhanitsako kunalekezera. M'mabuku osindikiza, masamba amakhala ndi zilembo L.R.O. zotsatiridwa ndi chaka, ndipo m'mbali mwa gawo mumalembedwa nambala ndi chaka cha lamulo lomwe linasintha gawolo. Bukulo limanena zoona mpaka tsiku limenelo basi. Za pambuyo pake silikuzidziwa.

Mpata wa pakati pa tsikulo ndi lero umatsekedwa ndi Gazeti, chikalata cha boma cholengezera malamulo. Gawo 74 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limati lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo silingayambe kugwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazeti. Choncho pitani chaka ndi chaka, kufunafuna malamulo okhala ndi dzina la lamulo lanulo ndi mawu oti Amendment, komanso lamulo latsopano pa nkhani yomweyo. Mukapeza latsopano, werengani magawo ake akumapeto, chifukwa kumeneko ndiko amatchula malamulo akale omwe achotsedwa ndi zomwe zipitirire kulemekezedwa.

Titenge chitsanzo cha zaka zolowera m'banja. Wina atatsegula buku losindikizidwa chaka cha 2015 chisanafike apezamo lamulo lakale la maukwati, Cap. 25:01. Akafufuza mu Gazeti ya 2015 apeza lamulo latsopano, Marriage, Divorce and Family Relations Act, lomwe linachotsa lakalelo n'kukhazikitsa zaka 18. Komabe ntchito sinathere pomwepo. Pa nthawiyo gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko linkalolabe mwana wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja makolo akavomereza, ndipo malamulo amenewa ali pamwamba pa ena onse. Mpata umenewu unatsekedwa mu 2017 aphungu atasintha gawolo. Ndiye kuti munthu wonena lero kuti chilolezo cha makolo n'chokwanira akuwerenga buku lomwe latsalira ndi masitepe awiri.

Msampha wachiwiri ndi tsiku loyambira kugwira ntchito. Kuvomerezedwa kwa bilu m'Nyumba ya Malamulo, kusainidwa ndi mtsogoleri wa dziko lino, ndi kuyamba kugwira ntchito ndi zinthu zitatu zosiyana. Malamulo ambiri amanena m'gawo loyamba kuti adzayamba pa tsiku lomwe nduna idzalengeze mu Gazeti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ndi mauthenga osungidwa ndi boma linavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016 ndipo linasainidwa mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Kwa zaka zoposa zitatu lamuloli linalipo papepala, koma palibe akanatha kukakamiza nalo ofesi ya boma. Mukaona mawu otere m'gawo loyamba, funani chidziwitso cha boma cholengeza tsikulo, chomwe chimadziwika ndi zilembo G.N., nambala ndi chaka.

Palinso china chimene buku kapena Gazeti sangakuuzeni. Khoti likagamula kuti gawo lina likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, mawu a gawolo akhoza kukhalabe m'buku ngakhale mphamvu yake itatha. Mu Januwale 2017, bwalo lalikulu la milandu linagamula chotero pa gawo 184(1)(c) la lamulo la zilango, Cap. 7:01, lomwe apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa vakabu. Wowerenga buku lokha sakanadziwa zimenezi. Ichi n'chifukwa chake pomaliza muyenera kulemba dzina la lamulo ndi nambala ya gawo pofufuzira zigamulo za makhoti pa MalawiLII.

Mukamaliza, lembani pambali tsiku lomwe buku lanu linalekezera, Gazeti yomaliza yomwe mwaiona, ndi tsiku lomwe mwafufuza. Ngati nkhaniyo ikukhudza ufulu wa munthu, malo kapena ndalama zambiri, pezani kope lenileni la Gazeti ndipo muonane ndi loya musanasainire chilichonse.