Ndakatulo ya Bambo Ichokere M'munda Mwawo

Bambo akakwanitsa zaka 60, ana ambiri amafuna kuwalakatulira ndakatulo paphwando. Chovuta n'chakuti zambiri zimangofanana: ndinu mzati wathu, ndinu ngwazi. Mawu otere akhoza kupita kwa mphunzitsi, dalaivala kapena abusa. Munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse ayenera kumva munda wake ukutchulidwa.

Tiyerekeze mlimi wa fodya wa ku Kasungu, wobadwa mu 1964, chaka chomwe Malawi adalandira ufulu, ndipo ali ndi ana anayi. Asanalembe kanthu, anawo akhale pansi ndi amayi komanso azakhali, awafunse. Njala ya 2002 idawapeza bambowa ali ndi zaka 38, ana akadali aang'ono. Adatani kuti pakhomo pafuke utsi? Adagulitsa njinga, kapena adapita kuganyu? Nanga fizi ya sekondale idachokera pa mabelo angati a ku Kanengo? Mayankho amenewa ndiwo ndakatuloyo. Mwana wachiwiri akhoza kunena motere:

Tambala asanalire mumakhala muli kunazale,
Keni m'manja, mame m'miyendo.
Fizi yanga idauma m'chigafa chanu,
Yunifolomu yanga idatuluka m'belo.

Aliyense amene adasokapo fodya amva mizere imeneyi mpaka mumtima, ndipo bambowo adziwa kuti anawo ankaona.

Ndime zikhale zinayi, mwana aliyense yake, zitsatane monga ntchito zimatsatanira pachaka: woyamba atenge kusosa ndi kugalauza, wachiwiri nazale ndi mvula yoyamba, wachitatu kupalira ndi kubandira m'nyengo ya njala, chitsirizira atenge kukolola ndi nkhokwe. Pakutha pa ndime iliyonse onse anenere pamodzi mzere umodzi wosasintha, wotchula mfunda wawo, monga "A Phiri, khasu lanu latilera." Pofika kachitatu, anthu ayamba kuvomera okha, amayi n'kuimba nthungululu. Musavutike kusaka mawu othera mofanana. Kubwereza kumagwira khutu kuposa zimenezo.

Cholakwika chachikulu ndi kulemba zomveka ngati mbiri ya pamaliro. Mukaona mizere yonse ikuti "munali" ndi "munkachita", dziwani kuti mwasochera. Bambowo ali moyo, akhala pampando patsogolo panu, ndipo mvula ikagwa abwerera kumunda. Tchulani mbuzi zomwe ali nazo lero, ndi dimba lomwe akuthirira mwezi uno. Za ngongole ya feteleza, kapena chaka chomwe fodya adabwezedwa kumsika, yambani mwafunsa amayi ngati zili zoyenera kumveka pagulu, pali akumpanda ndi azipongozi.

Dzulo lake yeserani mokweza, muli chiimire. Mzere umene sukutheka kuunena ndi mpweya umodzi, uduleni pawiri. Gwirizananinso kuti wina akatsamwa ndi misozi, woima pafupi naye apitirize ndimeyo, chifukwa pa ndime ya njala zimenezi zimachitika kawirikawiri.