Chibaba cha fodya sichikhalitsa

Ambiri a ife tidalonjezapo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa banja kuti tasiya fodya, koma patangopita masiku awiri ndudu idabwerera pakamwa. Chimene chimatigwetsa ndi bodza limene chibaba chimatinong'oneza, loti chizingokulirakulira kufikira titasuta.

Zoona zake n'zakuti chibaba chili ngati funde la panyanja. Chimakwera, chimafika pachimake, kenaka chimaphwa, kawirikawiri pa mphindi 3 mpaka 5. Ubongo udazolowera nikotini wa mu fodya, ndipo udamumangiriza ku zochitika zina monga kumaliza kudya. Nthawiyo ikakwana, ubongo umaitanitsa. Koma kuitanako kumadalira maganizo athu, ndipo tikapanda kukusonkhezera kumazilala ngati moto wa mapesi.

Tiyerekeze bambo amene ankasuta ndudu akangosamba m'manja atadya nsima ya madzulo. Lero ndi tsiku lachitatu chisiyireni, nthawi imene thupi limavutitsa koposa. Pakhosi pauma, mtima ukuthamanga, ndipo okala ya pafupi ikadali yotsegula.

Choyamba, bamboyu asalumbire za moyo wonse. Ayang'ane wotchi n'kudziuza kuti adikira mphindi 10 zokha, pakuti katundu wa mphindi 10 ndi wosenzeka.

Chachiwiri, achoke pa mpando umene ankasutirapo. Amwe madzi pang'onopang'ono, athirire mbewu kuseri kwa nyumba, kapena athandize mwana masamu a kusukulu. Ntchitoyo igwire manja ndi mutu womwe, chifukwa maganizo sangasunge chithunzi cha ndudu uku akuwerengera. Kukhala chete n'kumadziletsa kuganiza za fodya kumangochititsa kuti fodyayo adzaze m'mutu.

Chachitatu, apume modekha. Akoke mpweya ndi mphuno uku akuwerenga mpaka 4, mimba ifufume, ndipo autulutse ndi pakamwa akuwerenga mpaka 6. Achite zimenezi ka 10. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumachepetsa kugunda kwa mtima. Akamva chizungulire, ndiye kuti akupuma mothamanga, choncho achepetse liwiro.

Mphindi 10 zikatha, adzaona kuti funde lija ladutsa. Lidzabweranso, mwina usiku womwewo, koma nthawi iliyonse imene silipatsidwa ndudu limafooka, ndipo pakatha masabata 2 mpaka 4 limabwera patalipatali. Chimene chimaononga ntchitoyi ndi kusunga ndudu m'thumba, kapena kusuta imodzi yongolawa.

Tichenjezane pa za mowa. Amene ankamwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zilubwelubwe kapena kukomoka, apite naye kuchipatala msanga, pakuti zimenezo zimapha ndipo kudikira sikungazithetse.

Ife apabanja, tikaona mnzathu akuyang'anitsitsa wotchi, tisamunyoze kapena kumulalikira. Timupatse madzi, tikhale naye pafupi kufikira mphindi zake 10 zitakwana.