Nambala ya p siyenda, ndiye musalembe kuti ikuyandikira

Aliyense amene anachitapo kafukufuku wa ziwerengero amaudziwa usiku uja. Miyezi yapita akuyenda m'minda kapena m'zipatala, mapepala onse alowa m'kompyuta, ndipo tsopano wangotsala kudina batani kuti aone zotsatira. Akuyembekezera nambala yochepera 0.05, koma pagalasi patuluka p = 0.07. Mtima umagwa, kenako dzanja limayamba kufunafuna mawu opulumutsira ntchito. M'Chingelezi mawu amene amabwera msanga ndi akuti "approaching significance", kutanthauza kuti zotsatirazo zikuyandikira malire otsimikizira kuti kusiyana komwe kwapezeka n'kwenikweni. Wolemba amaganiza kuti waikongoletsa ndime yake, pomwe kwa woiwerenga wodziwa ntchitoyi mawuwa ndi chizindikiro choti wolembayo wayamba kunyengerera.

Kuti tione bwino vutoli, tiyerekeze kafukufuku wa chimanga. Manambala ake ndi ongophunzitsira, koma amagwirizana monga angagwirizanire pa kafukufuku weniweni. Wophunzira wa zaulimi wadula tizigawo 40 ta munda. Pa tizigawo 20 wathira feteleza yekha, pa tina 20 wathira feteleza ndi manyowa. Atakolola ndi kuyeza pasikelo, wapeza kuti pa feteleza yekha patuluka makilogalamu 3,000 pa hekitala, pomwe pamene panali manyowa patuluka 3,300. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 300, omwe ndi matumba 6 olemera makilogalamu 50 lililonse.

Koma tizigawo ta munda sitibereka mofanana ngakhale mutatisamalira chimodzimodzi. Kena kali pafupi ndi chulu, kena kali pamchenga, kena kadyedwa ndi mbozi. Choncho magulu awiri a tizigawo akhoza kusiyana zokolola mwangozi chabe, popanda manyowa kuchitapo kanthu. Nambala ya p imayankha funso limodzi lokha: tikanati manyowa sasintha kalikonse, kusiyana kwakukulu chonchi kapena koposa apa kukanamaoneka kangati? Yankho la 0.07 likutanthauza kuti pa kafukufuku 100 wotere, kukanaoneka pafupifupi ka 7. Silikunena kuti mwayi woti manyowa sagwira ntchito ndi 7 pa 100, ndipo silikunena ngati matumba owonjezerawo ndi ambiri kapena ochepa.

Malire a 0.05 amene ambiri amawaopa anatchuka kudzera mwa Ronald Fisher, katswiri wa ziwerengero yemwe ankagwira ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku Mangalande. M'buku lake la mu 1925 iye anaona kuti kamodzi pa 20 ndi malire osavuta kugwiritsa ntchito. Ndi mgwirizano wa anthu, ngati mzere womwe alimi oyandikana agwirizana kuti ukhale malire a minda yawo. Mgwirizano wotere umakhala ndi phindu ngati wofufuza waulengeza asanaone zotsatira, n'kuusunga atazipeza.

Cholakwika choyamba cha mawu akuti "zikuyandikira" n'chakuti amapatsa nambala miyendo. Woyandikira ndi amene ali paulendo, monga minibasi imene ikuyandikira siteji, ndipo tonse timadziwa komwe ikulowera. Nambala ya p sili paulendo. Yawerengedwa kuchokera pa tizigawo 40 tija, ndipo yaima pomwepo monga muvi wa sikelo umaimira thumba likakhazikika. Wolemba akati ikuyandikira, akulonjeza mobisa kuti akanawonjezera tizigawo nambalayo ikanatsika n'kudutsa malire. Lonjezo limeneli alibe nalo umboni.

Tiyeni tiliyese ndi munda wathu womwewu. Tinene kuti wophunzirayo wawonjezera tizigawo tina 40, ndipo kusiyanasiyana kwa zokolola kwakhala monga kale. Ngati tizigawo tatsopanoto taonetsanso kusiyana kwa makilogalamu 300, akaphatikiza zonse p itsikadi kufika pa 0.01. Ngati taonetsa kusiyana kwa makilogalamu 100 okha, p ikwera kufika pa 0.08. Ngati sitinaonetse kusiyana kulikonse, p ifika pa 0.19. Zotsatira zitatu zonsezi zikhoza kuchitika popanda kutsutsana ndi zomwe anapeza poyamba. John Wood ndi anzake anaifufuza nkhaniyi mwa masamu m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2014, ndipo anaonetsa kuti p yomwe ili pafupi ndi malire imakhala ndi mwayi waukulu ndithu wobwerera m'mbuyo mukawonjezera anthu kapena zinthu zoyeza. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tizigawo tomwe simunalime simungatiwerengere m'zokolola.

Cholakwika chachiwiri ndi kukondera. Kusiyana kuja kukanakhala makilogalamu 330 m'malo mwa 300, p ikanatsika pang'ono kunsi kwa 0.05, ndipo wophunzirayo akanalemba mosangalala kuti manyowa awonjezera zokolola. Sakanalemba kuti zotsatira zake zikuyandikira kulephera, ngakhale zili pafupi ndi malire kuposa za 0.07 zija. Ndiye kuti mawu akuti "kuyandikira" amagwira ntchito mbali imodzi yokha, mbali imene wolemba akuifuna. Malire amakhala olimba pamene akumukomera, n'kukhala ofewa pamene amutsekereza. Mu 2013 wofufuza wina, Matthew Hankins, anasonkhanitsa mawu ozembera otere oposa 500 kuchokera m'malipoti osindikizidwa a kafukufuku. Kuchuluka kwakeko kukuonetsa kuti palibe muyezo wodziwika wa pomwe "pafupi" amayambira kapena kuthera. Wina amati 0.06 ndi pafupi, wina amati 0.10, ndipo wina amapitirira pamenepo.

Cholakwika chachitatu ndicho chimapweteka kwambiri owerenga. Chiganizo chonena za kuyandikira chimatenga malo a zinthu zimene iwo anabwerera. Mlangizi wa zaulimi safuna kudziwa kuti nambala inaima patali bwanji ndi mzere. Akufuna kudziwa kuti matumba owonjezera ndi angati, ndiponso kuti angadalire bwanji chiwerengerocho asanauze alimi kuti asenze manyowa kupita kumunda.

Yankho lake lili kale pagalasi la kompyuta, pa manambala awiri olembedwa kuti 95% CI. Amenewa ndi malire a pansi ndi a pamwamba a kusiyana komwe kukugwirizana bwino ndi zomwe zayezedwa. M'munda wathu uja akuyambira pa -26 kufika pa 626. M'mawu a tsiku ndi tsiku, manyowa akhoza kukhala kuti akuchepetsa zokolola ndi theka la thumba pa hekitala, akhoza kukhala kuti sasintha kanthu, kapena akhoza kukhala kuti akuwonjezera matumba oposa 12. Mpata umenewu ndi waukulu, ndipo ukutiuza chinthu choona chokhudza kafukufukuyu: tizigawo tinachepa moti funso silinayankhidwe.

Taonani mmene nambala ya p payokha imabisira zimenezi. Tiyerekeze kafukufuku wina wamkulu kwambiri amene wapeza kusiyana kwa makilogalamu 20 pa hekitala, malire ake kuyambira -2 mpaka 42. Nayenso p yake ili pafupifupi 0.07. Koma uthenga wake ndi wina kotheratu, chifukwa ngakhale titatenga malire a pamwamba, phindu silikukwana thumba limodzi. Kafukufuku woyamba akuti funso likadali lotseguka ndipo n'loyenera kulifufuzanso, wachiwiriyu akuti phindu ngati lilipo n'laling'ono. Wolemba kuti zonse ziwiri "zikuyandikira" waika mbuzi ndi ng'ombe pa mtengo umodzi.

Nanga ndime yabwino ilembedwe bwanji? Iyambe ndi zomwe zayezedwa, kenako kukula kwa kusiyana, malire ake, nambala yeniyeni ya p, ndi chigamulo chogwirizana ndi muyezo womwe unakhazikitsidwa poyamba. Wophunzira uja akhoza kulemba chonchi:

"Pa tizigawo 20 tothiridwa feteleza ndi manyowa panatuluka makilogalamu 3,300 pa hekitala, ndipo pa tizigawo 20 ta feteleza yekha panatuluka 3,000. Kusiyana kwake kunali makilogalamu 300 (95% CI: -26 mpaka 626; p = 0.07). Kusiyanaku sikunafike pa muyezo wa 0.05 womwe tinakhazikitsa tisanayambe. Zomwe tapezazi zikugwirizana ndi kutsika pang'ono kwa zokolola, kusasintha konse, kapena kukwera kofika makilogalamu 626."

M'ndime imeneyi mulibe kupepesa, mulibenso kudzitama. Nambala ya p yalembedwa yonse, osangoti yaposa 0.05, kuti wowerenga adzionere yekha. Ngati wolemba ali ndi chikhulupiriro choti manyowa amathandiza, malo onenera zimenezo ndi gawo lokambirana zotsatira. Kumeneko akhoza kufotokoza zomwe ofufuza ena anapeza, n'kunena poyera kuti awa ndi maganizo ake, ndi kuwerengera kuti pangafunike tizigawo tingati kuti mpata uja uchepe.

Pali dzenje lina mbali inayo, ndipo ambiri amagweramo pothawa loyambali. Amalemba kuti manyowa alibe phindu, kapena kuti panalibe kusiyana. Izinso si zoona, popeza malire aja akulolabe phindu la matumba 12. Douglas Altman ndi Martin Bland anachenjeza za vutoli m'magazini ya BMJ mu 1995, kuti kulephera kupeza umboni wa chinthu sikutsimikizira kuti chinthucho kulibe. Mawu oyenera ndi akuti kafukufukuyu sanapeze umboni wokwanira, ndipo pambali pake pakhale manambala oonetsa kukula kwa zomwe zatsala zosayankhidwa.

Ena angafunse kuti, ngati malire a 0.05 ndi mgwirizano chabe, bwanji osangowataya? Akatswiri ambiri amaganizadi choncho. Mu 2016 bungwe la akatswiri a ziwerengero ku America linatulutsa chikalata chochenjeza kuti zigamulo za sayansi zisamadalire kokha pa kudutsa kapena kusadutsa malire ena ake. Mu 2019 asayansi oposa 800 anasaina pempho lomwe linatuluka m'magazini ya Nature loti chizolowezi chogawa zotsatira m'magulu awiri chithe. Koma palibe mbali ya mkanganowu yomwe ikuteteza mawu akuti "kuyandikira". Amene amasunga malire ayenera kuvomereza kuti 0.07 sinafike. Amene anawataya alibe mzere woti nambala iyandikire, ndipo amangopereka kusiyana ndi malire ake. Mawu ozembera aja amafuna kudya uku ndi uku.

Inu amene mukulemba lipoti la kafukufuku, musanalipereke fufuzani mawu onse onena za kuyandikira, kutsala pang'ono kapena kulowera ku malire, ndipo paliponse pomwe mwawapeza ikanipo kukula kwa kusiyana, malire ake ndi nambala yeniyeni ya p. Inunso owerenga, mukakumana ndi mawu otere funsani kuti kusiyanako n'kwakukulu bwanji ndipo kungatsike mpaka pati. Alimi ndi odwala amene adzatsatire malangizo ochokera m'malipotiwa akuyenera kuuzidwa zomwe zinapezeka, monga zinapezekera.